Kusiyana kwa silaidi ya matumbo ndi chithunzi cha m'buku

*Aphunzitsi, ndili m'chaka choyamba cha maphunziro a zachipatala. M'buku mavilasi a matumbo aang'ono amaoneka ngati zala zoimirira, koma pa silaidi imene atipatsa ndikungoona timizeremizere tozungulira ngati tizilumba. Palinso mipata yoyera yambirimbiri ndi timadontho takuda, ndipo silaidi ya mnzanga ndi yabuluu pamene yanga ndi yapinki. Kodi silaidiyo ndi yowonongeka, ndi matenda, kapena ndine amene sindikutha kuona? Ndikuopa mayeso. (Wophunzira, Blantyre)*

Achemwali, maso anu ali bwinobwino, ndipo ndikukhulupirira kuti silaidiyonso ili bwino. Tiyambe ndi peyala, kenako tibwerere ku maikulosikopu.

Tengani peyala lakupsa mulidule mapisi opyapyala kuyambira kumutu mpaka kunsi, ngati mmene timadulira tomato. Pisi loyamba lidzakhala khungu lokhalokha ndi kamnofu pang'ono. Lachitatu lidzakhala mnofu wozungulira wopanda nthanga. Lapakati lokha ndi limene lidzaonetse zonse, khungu, mnofu ndi nthanga. Tsopano perekani pisi lachitatu lija kwa munthu amene sanaonepo peyala, mumuuze kuti afotokoze chipatsocho. Adzalumbira kuti chilibe nthanga. Sananame, wangofotokoza zimene mpeni unadutsa.

Wojambula wa m'buku anaona mapisi mazanamazana, kenako anajambula peyala limodzi langwiro lodulidwa pakati penipeni. Inu mwapatsidwa pisi limodzi lokha, ndipo ndi lopyapyala kuposa mmene mukuganizira. Makina athu odulira, amene timawatcha maikulotomu, timawaika kuti azidula mamaikulomita 3 mpaka 5. Maikulomita ndi gawo limodzi mwa magawo 1,000 a milimita. Pa mamaikulomita 4, milimita imodzi ya kanyama imatulutsa mapisi 250, ndipo pepala limodzi la kope lanu ndi lochindikala ngati mapisi pafupifupi 25 ataunjikidwa. Selo la chiwindi ndi lalikulu mamaikulomita 20 mpaka 30, ndiye kuti selo limodzi limagawika m'mapisi asanu kapena asanu ndi limodzi, ndipo nyukiliyasi yake imapezeka mu awiri kapena atatu okha. Mukaona selo lopanda nyukiliyasi pakati pa anzake abwinobwino, musathamangire kunena kuti lafa. Nyukiliyasiyo ili pa silaidi ya mnzanu.

Tsopano tizilumba tanu tija. Tambasulani dzanja, zala ziloze kumwamba. Zala ndi mavilasi, chikhatho ndi khoma la thumbo. Mpeni ukatsika kuchokera kunsonga za zala mpaka m'chikhatho, mudzaona zimene zili m'buku. Koma mpeni ukadutsa chopingasa, kudula zala zinayi pakati, pa galasi padzagwa timabwalo tinayi tosagwirana ndi chilichonse. Ukadutsa mopendekeka, chala chimodzi chidzaoneka chachitali, china chachifupi chonenepa, china ngati dzira, china ngati kachilumba. Mavilasi enieni ndi aatali pafupifupi theka la milimita mpaka milimita imodzi, ndi ofewa, ndipo saima chilili ngati asilikali. Amapindika, amatsamirana, ena amagona. Kanyama kamene dokotala watsina m'thumbo ndi kachipangizo ka pa kamera kamakhala ngati njere ya mpunga kapena kucheperapo, ndipo kakangolowa m'mankhwala kamadzipinda ngati tsamba louma. Munthu amene amakaika mu wakisi amayesetsa kukaimika cham'mbali kuti mpeni udutse bwino, koma wakisi amauma msanga ndipo kanyamako n'kakang'ono. Ine ndagwira ntchitoyi zaka zambiri, ndipo mpaka lero tina timandipendekera.

Chimene ndikufuna muphunzire ndi kuwerenga timabwaloto, chifukwa sitofanana tonse. Ikani diso la x10. Kabwalo kena kali ndi maselo ataliatali kunja ngati mpanda, m'kati muli mnofu wokhala ndi timitsempha ta magazi ndi maselo obalalika, ndipo kunja kwa mpandawo kuli koyera. Ameneyo ndi vilasi wodulidwa chopingasa, ndipo koyerako ndi m'kati mwa thumbo modutsa chakudya. Kabwalo kena n'kotembenuka: pakati pali kabowo, maselo azungulira kabowoko, ndipo mnofu uli kunja. Kameneko ndi kakiripiti, kadzenje kamene kamalowa pansi pakati pa mavilasi. Chala chodulidwa ndi chitsime choonedwa kuchokera pamwamba zonse ndi zozungulira, koma china chili ndi mnofu m'kati, china chili ndi mnofu kunja. Mukatha kusiyanitsa ziwirizi, silaidi yanu iyamba kukuuzani njira imene mpeni unayenda. Mukaona mbali imodzi yodzaza ndi mavilasi ozungulira, pakati pali malo osakanikira, mbali inayo yodzaza ndi makiripiti ozungulira oyandikana ngati chisa cha njuchi, dziwani kuti mpeni unalowa pamwamba n'kumatsika pang'onopang'ono mpaka pansi pa khoma.

Ngati silaidi yanu ili ndi khoma lonse la thumbo, pali mboni ina. Kunja kwa thumbo kuli mizere iwiri ya minofu yofinya chakudya. Wam'kati umazungulira thumbo ngati chibangili, wakunja umayenda m'litali. Thumbo likadulidwa chopingasa, mzere wam'kati umaoneka ngati ulusi wautali woyenda limodzi, wakunja umaoneka ngati timadontho tothithikana. Likadulidwa m'litali zimatembenuka. Zonse ziwiri zikaoneka ngati timizere tafupitifupi topendekeka, mpeni unapendekeka. Pa timadontho tija mudzaonanso kuti tina n'tatikulu tokhala ndi nyukiliyasi, tambiri n'tating'ono topanda kanthu. N'chifukwa chakuti selo la mnofu umenewu ndi lonenepa pakati, losongoka kunsonga ngati bwato, ndipo nyukiliyasi imakhala pakati pokha.

Kupendekeka kumasinthanso miyeso. Dulani nzimbe molunjika, nkhope yake ikhala yozungulira. Idulani mopendekeka ngati mmene timadulira mbewu, nkhope ikhala yaitali. Masamu ake ndi osavuta: mpeni ukapendekeka madigiri 45, mbali yaitali imakula pafupifupi kamodzi ndi theka kuchotserako pang'ono, ndipo ukapendekeka madigiri 60 imawirikiza kawiri. Koma mbali yaifupi sisintha. Choncho mukafuna kudziwa kukula kwenikweni kwa mtsempha kapena kachubu ka mu impso kooneka ngati dzira, yezani mbali yaifupi. Khoma nalonso limanenepa mbali ziwiri zoyang'anana zokha, zinazo n'kukhala zabwinobwino. Khoma lonenepa ndi matenda nthawi zambiri limanenepa kuzungulira konse. Rula muli naye kale pa silaidi: selo lofiira la magazi ndi pafupifupi mamaikulomita 7, ndipo limapezeka pafupifupi paliponse.

Apa ndi pamene nkhaniyi imachoka pa mayeso n'kufika pa moyo wa munthu. Maselo ophimba vilasi ndi mzere umodzi wokha. Mpeni ukawasenga cham'mbali, ngati mmene mumasendera khungu la mbatata, manyukiliyasi amaoneka atasanjikizana mizere inayi kapena isanu. Wosazolowera amati maselo achulukana, mwina khansa yayamba. Pa khungu n'chimodzimodzi. Malire a khungu lakunja ndi lam'kati ndi okwera ndi otsika ngati mizere ya m'munda, ndipo akadulidwa mopendekeka mumaona tizilumba ta maselo a kunja tili pansi ngati talowerera, zimene zimafanana ndi khansa yolowa m'mnofu. Chimene chimatithandiza n'kuyang'ana maselo enieniwo. Pa kupendekeka, manyukiliyasi amakhala ofanana kukula ndi mtundu, malire a kachilumba amakhala osalala, mnofu wozungulira sukhala ndi zizindikiro zokwiya, ndipo mukatsatira mzerewo pang'ono mumafika pamene wabwerera kukhala umodzi. Tikakayikabe sitilimbana ndi silaidi imodzi. Timabwerera ku buloko ya wakisi n'kudula mapisi ena akuya, kapena timasungunula wakisi n'kuimikanso kanyamako.

Pa matumbo aang'ono pali lamulo limene sindilola wophunzira aliyense kulidumpha. Musanene kuti mavilasi ndi aafupi pokhapokha mutapeza malo amene mavilasi atatu kapena anayi otsatizana akuoneka kuyambira kunsonga mpaka patsinde, ndipo makiripiti a pakati pawo akuoneka ngati machubu aatali ofika pa kamzere kopyapyala ka mnofu kamene kali pansi pawo. Makiripiti akakhala ozungulira, malowo si oyezerapo. Mabuku ambiri amati vilasi amatalika katatu mpaka kasanu kuposa kuya kwa kiripiti. Apa ndiwonjezere mfundo imene mabuku ochokera kunja satchula kawirikawiri. Kwathu kuno, komanso ku Zambia kumene madokotala a ku Lusaka afufuza nkhaniyi kwa zaka zambiri, anthu ambiri osadandaula chilichonse ali ndi mavilasi aafupi, otambalala ngati masamba kapena olumikizana ngati timitumbira, chifukwa matumbo amakumana ndi tizilombo ta m'madzi ndi m'chakudya kuyambira ubwana. Ndiye ngati silaidi yanu inachokera kwa munthu wa konkuno, ngakhale itadulidwa bwino kwambiri, zala zija zikhoza kukhala zazifupi kuposa za m'buku. Kusiyana kumeneko n'kwenikweni. Koma simungakuone musanatsimikize kuti mpeni unadutsa molunjika.

Ziwalo zina ndingozidutsa mwachangu. Buku limajambula kampira kosefa magazi ka mu impso kali ndi khomo lolowera mitsempha mbali ina ndi khomo lotulukira mkodzo mbali inayo. Mungayang'ane timipira makumi angapo musanapeze kamodzi koonetsa makomo onse awiri. Machubu a impso ndi opotanapotana ngati supageti m'mbale, choncho chubu chimodzi chimatha kuoneka kangapo pa pisi limodzi. Ndipo chiwindi chogawika bwino m'timabwalo ta ngodya zisanu ndi imodzi chimene mumachiona m'mabuku nthawi zambiri chimakhala cha nkhumba, chimene chili ndi ulusi wochindikala m'malire. Cha munthu malire ake saoneka choncho.

Tibwere ku mipata yoyera. Kuti muimvetse muyenera kudziwa ulendo umene kanyama kamayenda kasanafike kwa inu. Kakangochoka m'thupi kamaikidwa mu fomalini wa 10 peresenti, mankhwala amene Ferdinand Blum wa ku Germany anazindikira mu 1893 kuti amalimbitsa minofu, akuti ataona zala zake zikuuma pogwira nawo ntchito. Kenako timachotsa madzi onse pokadutsitsa mu alikoholo, kuyambira wa 70 peresenti mpaka wa 100. Alikoholoyo timamuchotsa ndi zailini, zailini timamuchotsa ndi wakisi wosungunuka wotentha pafupifupi madigiri 60. Wakisi akauma timadula, pisi timaliyandamitsa pa madzi ofunda a madigiri 40 mpaka 45 kuti litambasuke, timalitola ndi galasi, timachotsanso wakisi, kenako timathira utoto. Ganizirani nyama imene yadutsa mu zonsezi. Singafanane ndi mmene inalili m'mimba mwa mwini wake.

Choyamba, imakwinyika, ndipo mbali zake sizikwinyika mofanana. Mnofu wa m'kati mwa vilasi uli ndi madzi ambiri, ndiye umabwerera kwambiri n'kusiya mpanda wa maselo uli pawokha, pakati n'kutsala mpata woyera ngati sokosi yokula pa mwendo woonda. Mipata yotereyi mudzaionanso kuzungulira mitsempha ya magazi, pakati pa mitolo ya minofu, ndi kuzungulira maselo a chichereŵechereŵe. Chachiwiri, alikoholo ndi zailini amasungunula mafuta. Maselo a mafuta amene m'thupi amakhala odzaza, pa silaidi amatsala makoma okha ngati waya wa khola la nkhuku, nyukiliyasi itaphwatalala m'mbali. Kuti tione mafutawo timayenera kuumitsa kanyama ndi chisanu m'malo mwa wakisi, n'kuthira utoto wina wofiira wolowa m'mafuta. Chachitatu, pali zinthu zimene zilipo koma utoto wathu wa masiku onse suzigwira. Pakati pa maselo ataliatali a vilasi mukuona ena otuwa ooneka ngati kapu yopanda kanthu. Amenewo ndi maselo opanga mamina a m'matumbo, ndipo ndi odzaza. Silaidi yomweyo itathiridwa utoto wolembedwa PAS pa botolo, makapu onsewo angaoneke ofiirira kwambiri.

Nanga mudziwa bwanji mpata weniweni? Mpata umene unalipo munthu ali moyo umakhala ndi khoma lake. Yang'anani m'mphepete ndi diso la x40. Mtsempha wa magazi kapena kanjira kotenga mafuta kamene kali pakati pa vilasi kamakhala ndi maselo opyapyala oyala m'mbali, manyukiliyasi awo ali ophwatalala ngati nthanga za nkhaka. Mpata wobwera ndi kukwinyika ulibe choyala, ndipo mbali zake ziwiri zimagwirizana ngati mbale yosweka, moti m'maganizo mukhoza kuzibwezeretsa pamodzi. Mnofu wotupa ndi madzi a matenda nawonso umasiyana: ulusi wake umatalikirana pang'onopang'ono paliponse, ndipo nthawi zambiri mumatsala kautoto kapinki kotuwa.

Pali kuwonongeka kwina kumene kumandipweteka mtima chifukwa n'kopeweka. Fomalini amalowa m'nyama pang'onopang'ono, pafupifupi milimita imodzi pa ola poyamba, ndipo akamapita m'kati liwiro limatsika. Amafunikanso akhale wochuluka kakhumi kapena kuposa poyerekeza ndi nyamayo. Chaka china tinalandira chigawo cha thumbo kuchokera ku chipatala china chakutali, atachikanikiza m'kabotolo kakang'ono, fomalini ali pansi pokha, thumbolo osalitsegula. Linayenda masiku angapo m'nyengo yotentha. Kunja kunali kolimba bwino, koma m'kati, mmene munali yankho limene dokotala ankafuna, maselo onse ophimba mavilasi anali atayoyoka n'kumayandama ngati madeya, manyukiliyasi atafufuma osaoneka malire. Thumbo limadzigaya lokha msanga chifukwa lili ndi timadzi togaya chakudya ndi mabakiteriya. Palibe utoto umene ukanabweza zimenezo, ndipo wodwalayo anadikira milungu kuti alandire pepala losanena kanthu. Mukadzayamba ntchito, achemwali, tsegulani thumbo m'litali, litsukeni pang'ono, ndipo funani chidebe chachikulu. Pa mayeso, chizindikiro cha kudziwola kotereku n'chakuti maselo awonongeka onse mofanana popanda maselo oyera a magazi obwera kudzamenya nkhondo. Mnofu umene unafa munthu ali moyo nthawi zambiri umakhala ndi malire, ndipo thupi limakhala litayankhapo.

Za mtundu tsopano. Pa silaidi yanu mwina palembedwa H&E. Utoto woyamba, hematokisilini, umachokera ku mtengo wina wa ku Mexico ndi mayiko oyandikana nawo, ndipo ukasakanizidwa ndi mchere wa aluminiyamu umagwira zinthu za asidi monga zimene zili mu nyukiliyasi, n'kuzipatsa mtundu wabuluu wopita ku pepo. Wachiwiri, iyosini, umagwira mapuloteni a m'thupi la selo, ulusi wa kolajeni ndi maselo ofiira, n'kuwapatsa pinki wosiyanasiyana. Mitundu imeneyi si ya thupi. Pisi losathira utoto limaoneka ngati galasi.

Ndiye kuchuluka kwa buluu kapena pinki kumadalira manja ndi tsiku. Tikathira hematokisilini timaviika silaidi mu alikoholo wa asidi kwa timasekondi kuti utoto wopitirira uchoke. Mukachedwa pang'ono manyukiliyasi amatuwa, mukafulumira chilichonse chimatsala chabuluu. Kenako timatsuka m'madzi a alikali pang'ono kuti utotowo usinthe kuchoka kofiirira kupita ku buluu, ndipo madzi a pampopi safanana malo ndi malo kapena nyengo ndi nyengo. Iyosini naye amasuluka silaidi ikakhalitsa m'madzi kapena mu alikoholo wosakaniza ndi madzi. Utoto wokalamba umafooka. Pisi la mamaikulomita 6 limaoneka lakuda kuposa la mamaikulomita 3 ngakhale achokere pa buloko imodzi. Ndipo masilaidi ophunzitsira ambiri ndi akale, akhala akuwombedwa ndi kuwala kwa zaka, ndipo buluu ndi amene amakonda kuyamba kuzilala. Ndikuganiza kuti yanu ndi yotero, kapena inathiridwa utoto tsiku losiyana ndi ya mnzanu.

Choncho musaloweze kuti chakutichakuti ndi chapepo. Yerekezani zinthu za pa silaidi imodzimodziyo. Pezani limfosaiti, kaselo kakang'ono kozungulira kamene pafupifupi konse ndi nyukiliyasi, ndipo m'mavilasi timakhalamo tambiri. Ameneyo ndiye buluu wakuda kwambiri wa silaidi yanu. Pezani selo lofiira la magazi, ndiye pinki wowala kwambiri. Zina zonse muziyeza pakati pa ziwirizi. Mudzaona kuti ngakhale pa silaidi yozilala, maselo a m'makiripiti ndi abuluu kuposa a kunsonga kwa vilasi, chifukwa ndi aang'ono amene akugawikana, ndipo pansi penipeni pa kiripiti pali maselo okhala ndi timibulu tofiira. Zimenezi sizisintha ndi tsiku. Koma mukaona chigamba chotuwa chosagwira utoto uliwonse, chokhala ndi malire osatsata maselo, ameneyo ndi wakisi amene sanachoke bwino. Mukaona chifunga ngati mkaka, madzi anatsalira pansi pa kagalasi kovindikira.

Zipsera za mpeni n'zosavuta kuzidziwa chifukwa thupi silijambula mizere yowongoka. Mzere wowongoka wong'ambika wodutsa pisi lonse ndi mpeni wobenthuka kapena kamchenga kamene kanakokedwa. Timizere tambiri toyandikana ngati malata ndi mpeni umene unkanjenjemera pa nyama youma kwambiri, zimene zimachitika kanyama kakakhalitsa mu alikoholo kapena mu wakisi wotentha, monga magetsi akazima makina ali pakati pa ntchito. Mzere wakuda wochindikala umene sufuna kuoneka bwino pamodzi ndi zoyandikana nawo ndi khwinya, pisi linadzipinda pa madzi. M'mphepete mwa kanyama mukaona manyukiliyasi atakokeka ngati ulusi wabuluu, pamenepo ndi pamene chopanira chinafinya. Bwalo lokhala ndi mkombero wakuda ndi thovu la mpweya.

Timadontho takuda ndasiya komaliza dala, chifukwa kuno kwathu funso limeneli ndi lolemera kuposa mmene mabuku ambiri amalitengera. Yambani ndi kachitsulo kosinthira kuoneka pang'onopang'ono. Muli pa x40, kazungulizeni pang'ono kutsogolo ndi kumbuyo. Ngati madontho akuoneka bwino pamene maselo achita chimbuuzi, ndiye ali pamwamba pa pisi, ndipo ndi fumbi kapena zinyenyeswa za utoto umene sunasefedwe. Zinyenyeswa za hematokisilini zimakhala zabuluu wakuda, zosalingana, ndipo zimagwera ngakhale pa galasi popanda nyama. Ngati madontho sakusuntha pamene mukusuntha silaidi, ali pa diso la maikulosikopu, pukutani.

Otsalawo ndi amene amafuna nzeru. Fomalini akakhala wopanda mchere womuteteza amasanduka wa asidi pakapita nthawi, makamaka pa kutentha. Asidiyo akakumana ndi magazi amapanga timibulu tabulauni wakuda. Timeneti timachuluka pamene pali magazi ambiri: m'mitsempha, m'kapamba, m'chiwindi, mu nsengwa, ndi pamene magazi anatayikira. Vuto n'lakuti kachilombo ka malungo kakamadya selo lofiira kamasiyanso timibulu tofanana nato kwambiri, totchedwa himozoyini. Mitundu iwiriyi ndi pachibale. Yonse imachokera ku utoto wa magazi, yonse imanyezimira pa kuwala kosefedwa mwapadera, yonse sigwira utoto wabuluu umene timayezera ayironi, ndipo yonse imasungunuka mu pikiriki asidi wosakaniza ndi alikoholo. Mankhwala sangakusiyanitsireni. Chokusiyanitsirani ndi malo amene timibuluto takhala.

Ta malungo timakhala m'kati mwa maselo amene ali ndi chifukwa chokhala nato. Mumatipeza ngati kadontho kamodzi kapena tiwiri m'kati mwa selo lofiira lokhala ndi kachilombo, kapena titaunjikana m'mimba mwa maselo akuluakulu odya zinyalala, monga amene amayala tinjira ta magazi m'chiwindi. Mu nsengwa ya mayi amene anadwala malungo ali woyembekezera timapezekanso titakodwa m'magazi oundana pakati pa timphukira ta nsengwayo, ndipo pamenepo timasonyeza matenda amene anadutsa kale. Ta fomalini sitisankha. Timamwazika ngati tsabola pamwamba pa maselo ofiira ndi kunja kwawo, timadutsa malire a maselo, timachuluka paliponse pamene magazi anadikha, ndipo nthawi zambiri masilaidi ena ochokera m'fomalini yemweyo amakhalanso nato. Ndi chifukwa chake ofufuza malungo a mu nsengwa amaumirira fomalini wotetezedwa bwino ndi kusasunga nyama nthawi yaitali musanaikonze. Fomalini woipa akhoza kupangitsa mayi wopanda malungo kuoneka ngati anali nawo.

Pa silaidi yanu ya thumbo, chitani motere. Iyang'aneni kaye ndi maso pa pepala loyera, mupeze mbali yabuluu imene ndi ya mavilasi ndi yapinki imene ndi ya minofu. Pa x4 yendani pisi lonse kufunafuna pamene makiripiti ali ataliatali, chifukwa ngakhale pisi lopendekeka limakhala ndi kangodya kodulidwa bwino, ndipo zala za m'buku zija mukazipeza pamenepo. Kenako pitani pa mtsempha waukulu wa pansi pa makiripiti umene uli ndi magazi, muike x40, muone ngati madontho ali m'kati mwa maselo kapena angowazidwa pamwamba. Mujambule m'kope zimene mwaonazo mmene zilili, tizilumba ndi mipata yomwe, ndipo pambali mujambule dzanja ndi mzere wosonyeza pamene mpeni unadutsa. Mukapita nalo kopelo kwa amene amakuphunzitsani mu labu, muwapemphenso akuonetseni buloko ya wakisi imene pisilo linachokera, muone mmene kanyamako kanagonera.